Kudula filimu papepala musanatsegule pulogalamu yodulira

Mwabwerako kojambula ndi maola asanu a anthu akuyankhula, pamene filimu imene mukufuna ndi ya mphindi 12. Pa mphindi 12 zimenezo mawu a anthuwo adzatenga mwina mphindi 8 basi, chifukwa zotsalazo zimapita ku zithunzi, phokoso la pamalopo, nyimbo ndi nthawi imene munthu wangokhala chete. Ndiye kuti pa mphindi 300 zimene munajambula mutsala ndi 8. Pa mawu 100 alionse, opulumuka sakwana atatu. Ntchito yonse yagona pa kudziwa kuti atatuwo ndi ati, ndiponso kuti atsatane bwanji.

Odula mafilimu a nkhani zenizeni ambiri sayambira pa kompyuta posankha mawuwa. Amayamba alembetsa zonse zimene anthu ananena, n'kuziwerenga, n'kuzichonga, n'kuzidula, kenako n'kuziyala mwatsopano mpaka nkhani itaoneka. Akadaulo amati imeneyi ndi pepa editi, kutanthauza kudula filimu papepala. Chimene chimatuluka ndi mndandanda wa zidutswa za mawu motsatana ndi mmene zidzamvekere, ndipo chidutswa chilichonse chimakhala ndi dzina la woyankhula, pamene chayambira ndi pamene chathera.

Njirayi inakula m'nthawi ya matepi. Pamenepo filimu ya vidiyo inkadulidwa pokopera chidutswa ndi chidutswa kuchoka pa tepi ina kupita pa ina, kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Ukasintha maganizo pa chidutswa cha pakati, n'kufuna kuchitalikitsa kapena kuchifupikitsa, zonse za patsogolo pake umazikopanso. Chipinda chodulira chinkalipiridwa pa ola, choncho opanga filimu ankatengera kunyumba makope a VHS okhala ndi manambala a nthawi oonekera pachithunzi, n'kukalemba zosankha zawo zonse asanalowe m'chipindamo. Makina a Avid odulira filimu pa kompyuta atabwera mu 1989, ndi mapulogalamu ena otsatira, kusuntha chidutswa kunasanduka chinthu cha kanthawi kochepa. Pepala silinafe komabe, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: diso limathamanga kuposa khutu. Maola asanu omvetsera mungawawerenge pa maola awiri, ndipo patebulo mungaone zidutswa 70 nthawi imodzi, pamene pa sikirini mumamva chimodzi chokha, china chikudikira.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze filimu imodzi n'kuyenda nayo mpaka kumapeto. Ndi ya bambo amene anayendetsa sitima ya pamtunda zaka 30, n'kusiya ntchito sitima yawo itagunda galimoto n'kupha munthu pamalo pamene msewu umadutsa njanji. Tinacheza ndi bambowo maola awiri ndi mphindi 10, mwana wawo wamkazi ola limodzi ndi mphindi 20, mnzawo amene anali nawo kutsogolo kwa sitima tsikulo mphindi 50, ndiponso injiniya wodziwa za mabuleki mphindi 40.

Zolembedwa zimene zingadulidwe

Si zolembedwa zonse zimene zimathandiza wodula filimu. Mtolankhani wa nyuzipepala amakonza mawu a munthu kuti awerengeke bwino, amachotsa "eee" ndi "mukudziwa", amalumikiza chiganizo chimene chinaduka. Kwa ife kukonza kotereku kumaononga. Ngati bambo aja anati "Ndinaiona, eee, ndinaiona ili patali, mukudziwa, patali ndithu", wolemba alembe choncho kumene. Akalemba kuti "Ndinaiona ili patali ndithu", inu mudzaisankha poganiza kuti ndi chiganizo choyera cha masekondi atatu, mudzapeza pa tepi masekondi asanu ndi anayi okhala ndi malo awiri ofunika kudula. Mafunso a wofunsa alembedwenso, chifukwa yankho lopanda funso lake limatha kutanthauza chilichonse. Alembenso m'mabulaketi zinthu zosakhala mawu: waseka, wakhala chete, galimoto yadutsa, wofunsa wamulowa m'kamwa.

Ntchitoyi ndi yaitali. Munthu wolemba ndi manja amatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi pa ola limodzi la mawu, ndiye maola athu asanu adya maola 20 kapena 30. Kuidumpha sikupulumutsa nthawi, kumangoisamutsira m'chipinda chodulira.

Chofunika koposa pa tsamba lililonse ndi taimukodi, nambala imene imapatsa dzina lakelake fulemu iliyonse, kutanthauza chithunzi chimodzi mwa zithunzi zambiri zimene zimapanga sekondi imodzi ya vidiyo. Imalembedwa maola, mphindi, masekondi ndi mafulemu, monga `01:47:08:10`. Iikidwe poyambira yankho lililonse, ndipo yankho likatalika ibwerezedwe pakatha masekondi 30 alionse. Chidutswa chopanda taimukodi chili ngati kalata yopanda keyala, mawu ake angakome bwanji koma wodula adzatha theka la ola akuwasaka.

Apa ndivomereze kuti pulogalamu mumaigwirako pang'ono musanayambe, ngakhale simukudula kalikonse. Kamera imagawa kucheza kumodzi m'mafayilo angapo, ndipo chojambulira mawu chimawerenga nthawi yakeyake. Choncho mumayala mafayilo onse a munthu mmodzi pamzere umodzi, n'kutulutsa kope limodzi lokhala ndi taimukodi yoonekera, ndipo wolemba amagwiritsa ntchito kope limenelo basi. Ndi bwinonso kupatsa munthu aliyense ola lake loyambira. Bambo aja ayambire pa `01:00:00:00`, ndipo poti kucheza kwawo kudutsa maola awiri n'kulowa mu 03, mwana wawo ayambire pa 04, mnzawo pa 06, injiniya pa 08. Mukatero nambala yokha imakuuzani mwini mawu ngakhale kapepala katagwa pansi n'kusiyana ndi anzake.

Musanadalire manambalawo, ayeseni malo atatu: koyambirira, pakati ndi kumapeto. Mmene alakwira zimakuuzani chimene chavuta. Ngati pena paliponse asiyana ndi masekondi ofanana, wolemba anangoyambira kuwerenga pamalo pena, ndipo mungakonze powonjezera kapena kuchotsa nambala imodzi. Ngati kusiyanako kukukula pang'onopang'ono, pafupifupi masekondi 3.6 pa ola, vuto ndi liwiro la mafulemu: vidiyo ya mafulemu 29.97 pa sekondi yawerengedwa ngati ya 30, kapena ya 23.976 ngati ya 24. Ngati zonse zili bwino mpaka pamphindi ina kenako n'kulumpha, pali fayilo imene inasiyidwa kapena kamera inaimitsidwa pamene chojambulira mawu chinkapitirira.

Kuonera kamodzi, cholembera chili m'manja

Pali gawo limene anthu othamanga amalidumpha, n'kudzalira nalo pambuyo pake. Zolembedwa zikabwera, musayambe ndi kusankha. Khalani pansi, muonere kucheza konse kamodzi tsamba lili pamaso panu, muzilemba m'mphepete zimene pepala silingadziwe. Apa maso adzaza misozi. Apa wayang'ana kunja kwa chithunzi. Apa mawu atsika, chiganizo chatha. Apa mawu akwera, akupitiriza. Apa chithunzi chachita mbuu. Zizindikiro zake mungapange zanu: nyenyezi pa malo amphamvu, kamuvi koloza pansi pamene mawu atsikira, kamuvi koloza m'mwamba pamene alendewera.

Chifukwa chake chimaonekera mukayerekeza injiniya ndi bambo aja. Papepala injiniya amawala. Ziganizo zake ndi zathunthu, ali ndi manambala, amafotokoza kuti sitima yodzaza katundu imene ikuthamanga imatha kuyenda mtunda woposa kilomita imodzi isanaime ngakhale mabuleki onse atagwidwa. Bambo aja papepala amaoneka osokonekera, amayamba chiganizo n'kuchisiya, amabwereza liwu limodzi katatu. Amene wangowerenga adzadzaza filimu ndi injiniya. Amene waonera amadziwa kuti pamene bambowo asiya chiganizo m'njira ndi pamene nkhope yawo ikunena zotsalazo.

Kusefa

Kusefa koyamba kukhale kwa dzanja lomasuka. Chongani chilichonse chimene chili ndi moyo, osaganizira za kutalika kwa filimu. Pa chitsanzo chathu tinene kuti patsala mphindi 61. Mukafika pamenepa imani, mulembe chiganizo chimodzi chonena za filimuyo, chifukwa popanda chimenecho kusefa kwachiwiri kulibe muyezo. "Filimu ya moyo wa woyendetsa sitima" si chiganizo chothandiza, chimalola chilichonse kulowa. "Munthu amene aliyense anamuuza kuti sanalakwe, koma iye sanathe kukweranso sitima" chili ndi mano. Chimatulutsa kunja nkhani yokoma ya mmene bambowo anaphunzirira ntchito, chimatulutsa madandaulo a mnzawo pa za malipiro, ndipo chimasiya injiniya ndi ntchito imodzi yokha, yotsimikizira kuti sitimayo sikanatha kuima.

Kusefa kwachiwiri kwatisiya ndi zidutswa 70, mphindi 22 zonse pamodzi. Chilichonse chipatsidwe nambala ndi chilembo cha mwini wake, D kwa dalaivala, M kwa mwana, N kwa mnzawo, I kwa injiniya. Ena amasindikiza masambawo pa mapepala a mitundu yosiyana, munthu aliyense mtundu wake, n'kudula ndi sizasi. Ena amakopera m'sipuredishiti, tsamba la pa kompyuta la mizere ndi mabokosi lowerengetsera manambala. Ine ndimakonda sizasi pa gawo la kuyala, chifukwa mitundu ija imaulula msanga zimene manambala amabisa: ukaimirira chapatali n'kuona timapepala tisanu ndi tiwiri tachikasu titandandalikana, wadziwa kuti munthu mmodzi wayankhula mphindi ziwiri popanda womulandira. Koma pa kuwerengera nthawi sipuredishiti ndi imene imathandiza. Mzere uliwonse umaoneka motere:

```
D14  01:47:08:10  01:47:37:05  28:20
```

Chidutswachi ndi cha masekondi 28 ndi mafulemu 20, pa vidiyo ya mafulemu 25 pa sekondi. Pochotsera pamanja kumbukirani kuti pobwereka sekondi imodzi mumabwereka mafulemu 25, osati 10 kapena 60. Kuti kompyuta iwerenge yokha, ikani taimukodi ngati mawu wamba m'bokosi B2, ndipo fomula iyi iisandutsa masekondi:

```
=MID(B2,1,2)*3600+MID(B2,4,2)*60+MID(B2,7,2)+MID(B2,10,2)/25
```

Chitani chimodzimodzi ndi taimukodi yothera, muchotsere, kenako muphatikize mzere wonse. Musayerekeze kutalika powerenga kuchuluka kwa mawu. Injiniya amatha kunena mawu 40 m'nthawi imene bambo aja amanena 15.

Kuyala

Mphindi 8 ndi masekondi 480. Ngati chidutswa chimodzi chimatenga masekondi 18 kapena 19, filimu ili ndi malo a zidutswa 26. Patebulo pali 70.

Kuyala koyamba pafupifupi aliyense amatsata kalendala: ubwana, kuyamba ntchito, ukwati, ngozi, kusiya ntchito, lero. N'kwachibadwa, chifukwa mafunso anafunsidwa motero. Koma mukaphatikiza masekondi mupeza kuti ngozi ikufika pa mphindi yachisanu ndi chiwiri, ndipo woonera wakhala nthawi yonseyo osadziwa chifukwa chimene akumvera za munthu ameneyu. Papepala kukonza zimenezi ndi kungotola kapepala kamodzi. Pa tsamba 9 la mwana wawo pali M6: "Bambo anga akamva sitima ikulira, amadzuka n'kukatseka zenera." Masekondi asanu ndi limodzi. Kaikeni pamwamba penipeni, ndipo zonse zotsatira zasanduka yankho la funso limene woonera wadzifunsa yekha. Ubwana uja, umene unali ndi zidutswa zisanu, tsopano ukukwana ndi chimodzi.

Kenako pamabwera funso la amene anene chiyani. Ngoziyo anaifotokoza anthu atatu, ndipo aliyense anaifotokoza yonse. Filimu singaibwereze katatu. Lamulo limene limathandiza ndi lakuti chinthu achinene amene anachiona, ndipo munthu asadzichitire yekha umboni. Mnzawo anene zimene zinaoneka kutsogolo, galimoto itaima pa njanji. Bambowo anene zimene manja awo anachita. Zoti panalibe chimene akanachita zichokere kwa injiniya, chifukwa zikachoka pakamwa pa bambowo zimamveka ngati kudziteteza. Mwana wawo sanalipo, choncho asafotokoze ngozi. Gawo lake ndi la madzulo a tsikulo, bambo ake atafika pakhomo n'kukhala pampando osavula nsapato.

Mukamasuntha zidutswa motere, yang'anirani timawu tolozera kumbuyo. Chichewa chimabisa dzina la chinthu mkati mwa mneni. "Ndinaiona ili patali" inali yomveka pamene funso linali litangotchula galimoto. Mukaiika pambuyo pa chidutswa chonena za sitima ina imene inkabwera, ka "i" kaja kaloza sitima, ndipo nkhani yasintha popanda aliyense kunama. Chimodzimodzi "pamenepo", "iwo aja", "tsiku limenelo", "ndiye". Powerenga kuyala kwanu, zungulizani kamawu kalikonse kotere, mudzifunse kuti munthu amene sanawerenge masamba onse aganiza kuti kakuloza chiyani. Mankhwala ake nthawi zambiri ndi kusaka chidutswa cha munthu wina chimene chikuthera pa dzina lofunikalo, n'kuchiika patsogolo pake. Mnzawo akamaliza ndi mawu akuti "galimoto yoyera, itaima pakati pa njanji", ka "i" ka bambo aja kapeza mwini.

Kudula mkati mwa chidutswa

D14 ija ya masekondi 28 ili ndi chibwibwi ndi kubwereza, ndipo ingatsike kufika pa masekondi 16. Papepala mumangokhwatcha mawu osafunika n'kuika kamzere kopendekera pamene mwadula. Cholembera sichimva kuwawa, ndiye dzanja limazolowera. Koma kukhwatcha kulikonse ndi ngongole. Pamene mwachotsa mawu, mutu wa munthu umalumpha pachithunzi, ndipo kulumphako kumafuna chophimba: chithunzi cha njanji, manja ake, chithunzi chakale, kapena kamera yachiwiri ngati inalipo. Chophimba chimafunika kukhala masekondi atatu kapena anayi kuti chisaoneke ngati chigamba.

Choncho werengani timizere tija. Pa zidutswa zathu 26 tinene kuti tapeza malo 31 odula mkati, pamene zithunzi zophimbira zabwino zimene tinajambula ndi 14. Kusiyana kumeneku ndi bwino kukudziwa lero, pamene mungathe kubwerera kukajambula zina kapena kubweza mawu ena amene munakhwatcha. Ndipo pali malo amene simungaphimbe ngakhale zithunzi zitachuluka. Pamene bambo aja akunena za kugwira mabuleki, woonera akufuna nkhope yawo. Mukamuonetsa njanji pamenepo mwamulanda chimene anabwerera. Chidutswa chimenecho chisankhidwe kuti chiyende chathunthu, ndi chibwibwi chake chomwe, ndipo masekondi owonjezerawo akachotsedwe kwina.

Pamene pepala limanyenga

Tsopano tifike pa chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa njirayi. Pa `02:31:15:00` bambo aja ananena liwu limodzi, n'kukhala chete: "Ndinachedwa." Lili ndi nyenyezi ziwiri m'mphepete, chifukwa mmene analinenera n'zogwira mtima. Patebulo kapepala kake n'kakang'ono, ndipo dzanja limakatengera lokha pansi pa D14. Taonani mmene zikuwerengekera:

"Ndinaiona ili patali. Ndinaliza hutala, ndinagwira mabuleki onse. Ndinachedwa."

N'zamphamvu kwabasi. Liwu lililonse ndi lawo, palibe chopeka. Koma bwererani ku tsamba kumene kapepalako kanadulidwa, muwerenge funso limene lili pamwamba pake. Wofunsa anati, "Munapitako liti kukaonana ndi akubanja la malemu?" Bambowo anayankha kuti patatha zaka zisanu ndi chimodzi, kenako n'kuti "Ndinachedwa." Mawuwa ananenedwa mphindi 44 pambuyo pa nkhani ya mabuleki, ndipo akunena za ulendo wokapepesa. Mukawalumikiza ndi mabuleki mwawachititsa bambowo kuvomera mlandu umene sanavomere, umene injiniya wanu yemwe akunena kuti kunalibe. Iwo adzaonera filimuyo, akubanja la malemu nawonso.

Kusuntha mawu pakokha si kulakwa, filimu iliyonse ya nkhani zenizeni imatero. Kuchotsa chibwibwi, kufupikitsa, kubweretsa pamodzi ziganizo ziwiri zimene munthu ananena pa nkhani imodzi nthawi zosiyana, zonsezi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Malire ali pa tanthauzo. Muyezo umene ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: mwini mawu atawerenga kuyala kwanga, anganene kuti "inde, n'zimene ndinkatanthauza", kapena anganene kuti "mawuwo ndi anga koma sindinatero"? Pepala limapangitsa cholakwachi kukhala chophweka chifukwa sizasi imachotsa funso ndi zonse zozungulira. N'chifukwa chake taimukodi iyenera kukhala pa kapepala kalikonse, ngakhale ka liwu limodzi. Mukawerenga mndandanda wanu n'kuona `01:47` ikutsatana ndi `02:31` mkati mwa chimene chikumveka ngati mpweya umodzi wa munthu mmodzi, imani, mutsegule masamba onse awiri. "Ndinachedwa" ali ndi malo ake m'filimuyi, chakumapeto, pambuyo pa mwana wawo atafotokoza za ulendo uja. Pamenepo ndi oona, ndipo mphamvu yake sichepa.

Chinyengo chachiwiri ndi cha kamvekedwe. Kalembedwe ka Chichewa sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu. "Munamuona" likhoza kukhala funso kapena chiganizo chonena, ndipo chizindikiro chimene chili papepala ndi maganizo a wolemba chabe. Mpumiro umene waikidwa pakati pa ziganizo nawonso ndi wa wolemba, woyankhula sanapume pamenepo. Munthu akamati "Titafika pa siteshoni", mawu ake amalendewera m'mwamba kudikira zotsatira, ndipo mukadula pamenepo khutu la woonera limamva kuti wadulidwa pakamwa. Akafika kumapeto kwenikweni kwa ganizo, mawu amatsika ndipo silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto imatalikirako. Ngati chidutswa chanu chikuthera pamalo opanda kutsika kumeneku, papepala chatha koma pa tepi sichinathe. Palinso vuto lakuti mawu a Chichewa amathera pa mavawelo, ndipo munthu woyankhula mofulumira amawalumikiza ndi liwu lotsatira popanda kampata. Mzere umene mwajambula pakati pa mawu awiri ungakhale pamalo pamene lumo silingalowe. Timivi tija munalemba poonera ndi timene timakupulumutsani pano. Pamene mukukayika, lembani chidutswa china chapambali chonena zofanana, kuti wodula asadzaime.

Ngati anthu anayankhula chinenero china ndipo inu mukuwerenga zomasulira, vutoli limakula. Zinenero zimayala mawu mosiyana, ndipo theka loyamba la chiganizo chomasuliridwa likhoza kukhala theka lomaliza la chimene munthuyo ananena. Zolembedwa zikhale ndi madanga awiri, chinenero chenicheni ndi kumasulira kwake moyandikana, chiganizo ndi chiganizo, ndipo kudula kwa mkati kuchitike pa danga la chinenero chenicheni, ndi munthu amene amachimva.

Chachitatu n'chakuti pepala limadziwa mawu okha. Tinajambulanso bambo aja ataima pafupi ndi njanji sitima ikudutsa, osanena kanthu masekondi 40. M'zolembedwa mulibe chimenechi, choncho patebulo palibe kapepala kake, ndipo filimu yoyalidwa ndi mawu okha imatuluka yodzaza kuyankhula kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Zochitika zotere zilembereni timapepala tawo, ta mtundu wina, tokhala ndi taimukodi ndi kutalika kwake, tilowe pamzere limodzi ndi mawu. Mphindi zinayi zimene tinasiya pa 12 zija ndi za timapepala timeneti. Nthawi zina kamodzi ka iti kamachotsa ntchito zidutswa ziwiri za mawu: mukaona bambowo akutembenuza nkhope sitima ikamayandikira, chidutswa chimene mnzawo akunena kuti "mpaka lero amaiopa" sichikufunikanso.

Kuchoka patebulo

Kuyala kukakhazikika, kuwerengeni mokweza kwa munthu amene sadziwa nkhaniyo, inu mukusintha mawu pang'ono pa woyankhula aliyense. Mukamaliza musamufunse ngati zamusangalatsa. Mupempheni akufotokozereni nkhaniyo. Akasokoneza mwana ndi mkazi wa bambowo, kapena akafunsa kuti ngozi inachitika asanasiye ntchito kapena atasiya, mwadziwa pamene pali dzenje. Dzenje lina limatsekeka ndi chidutswa chimene munataya poyala, n'chifukwa chake zidutswa 44 zotsala zija zisungidwe mu envelopu. Lina limafuna mawu olembedwa pa sikirini kapena a wofotokoza nkhani. Lina limafuna kubwerera kwa munthuyo ndi funso limodzi limene simunafunse.

Kenako jambulani tebulo lonse ndi foni mphepo isanalowe, mumate timapepala motsatana pa mapepala aakulu, mukopere mndandanda womaliza m'sipuredishiti: nambala ya chidutswa, woyankhula, taimukodi yoyambira ndi yothera, mawu oyamba ndi omaliza, malo odula mkati, ndi chithunzi chimene mukuganiza. Mawu oyamba ndi omaliza ndi ofunika chifukwa taimukodi ya m'zolembedwa imangofikitsa wodula pafupi, fulemu yeniyeni amaipeza ndi khutu. Lembani tsiku pamwamba, poti mndandandawu udzasintha ndipo anthu awiri asamagwire makope osiyana.

Wodula amatenga mndandandawo n'kuyala zidutswa pamzere mmene zalembedwera, osaphimba kalikonse, osaika nyimbo, ndipo zidutswa 26 zimatheka pa theka la tsiku. Mukatero mverani osayang'ana sikirini. Kutalika kumadutsa zimene munawerengera, chifukwa chidutswa chilichonse chimafuna kampweya patsogolo ndi pambuyo. Theka la sekondi mbali iliyonse pa zidutswa 26 ndi masekondi 26 amene sanali pa fomula. Zidutswa zingapo zimagwa pomwepo. China cha mwana wawo chimathera m'mwamba ngakhale munaika kamuvi koloza pansi, ndipo chapambali chija chimalowa m'malo mwake. Injiniya, amene munamusiyira zidutswa zitatu, akumveka kuti wanena chinthu chimodzi kawiri, ndiye atsala ndi ziwiri. Ndipo pambuyo pa "Ndinachedwa", pamene wolemba anangoika kuti "akhala chete" m'mabulaketi, pa tepi pali masekondi asanu ndi anayi bambowo akupukuta chala pa bondo asanadzutse maso. Pa mndandanda chidutswacho munachipatsa masekondi awiri. Chikufuna 11, ndipo masekondi asanu ndi anayi owonjezerawo achokera pa chidutswa cha ubwana chija, chimene tsopano chituluke chonse.